Mlendo wabwera kudzaphunzitsa: kodi ndiwerenge sivi yake yonse?

"Ndine mphunzitsi wachinyamata pa yunivesite ina, ndimaphunzitsa za ulangizi wa zaulimi kwa ophunzira a chaka chachitatu. Lachinayi likudzali tikulandira mayi wina wamkulu, Dokotala, amene wagwira ntchito zaulimi zaka zoposa 30, kuti adzaphunzitse kalasi yanga kwa ola limodzi. Anditumizira sivi ya masamba 6, ndipo mkulu wa dipatimenti wati ine ndiye ndiwadziwitse kwa ophunzira. Ndikaiwerenga yonse nthawi itha, ndikaidula ndikuopa kuoneka wamwano pamaso pa munthu wamkulu. Nditani?" — Mphunzitsi, Lilongwe

Achemwali, mtima m'malo. Siviyo musaiwerenge, ndipo palibe mwano uliwonse pamenepo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulandira alendo m'kalasi sindinaonepo mlendo wodziwadi ntchito yake atakhumudwa chifukwa chakuti sitinatchule sukulu ya sekondale imene anaphunzira. Amene ndawaona atakhumudwa ndi aja amaimirira n'kupeza kuti ana agona kale, mphindi 15 za nthawi yawo zadyedwa, ndipo nkhani imene anakonza usiku wonse ayenera kuithamangitsa ngati minibasi yochedwa.

Mantha anuwo ndikuwadziwa kumene achokera. Ife tinakulira pa misonkhano pomwe woyendetsa mwambo amatchula aliyense ndi udindo wake, kuyambira mlendo wolemekezeka mpaka mfumu ya m'mudzi, ndipo kulumpha mmodzi ndi mlandu. Ndiye tikapatsidwa pepala la munthu wamkulu, dzanja limanjenjemera kuti tifufute mzere. Koma kalasi si msonkhano wa pabwalo. Pa mwambo wopereka madigiri, kapena pamene yunivesite ikulemekeza munthu ndi digiri yaulemu, mbiri yake ndiyo nkhani ya tsikulo, ndipo kuiwerenga mwatsatanetsatane n'koyenera. Lachinayi lanulo nkhani si mayiwo ayi. Nkhani ndi phunziro, ndipo mayiwo abwera kudzalisenza. Ntchito yanu ndi imodzi yokha, kuti iwo akamatsegula pakamwa, ophunzira akhale akudziwa kale chifukwa chimene ayenera kutchera khutu.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa, tinalandira bambo wina amene ankadziwa za mbewu kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye. Ndinatenga sivi yawo n'kuyamba kuiwerenga kuyambira pamwamba: kumene anabadwira, dipuloma, digiri yoyamba, yachiwiri, misonkhano ya kunja, makomiti, mapepala amene anasindikiza limodzi ndi mayina a magazini ake, ena ndikuwapotoza katchulidwe. Ndili pa tsamba lachinayi ndinadzutsa maso. Mnyamata wina wa kumbuyo anali atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa. Atsikana awiri kutsogolo ankakopera asayinimenti ya phunziro lina. Mlendoyo anali atayang'ana pansi, akutembenuzatembenuza cholembera. Nditamaliza anaimirira n'kunena mofatsa kuti, "Zikomo, ndamva kuti ndine wokalamba." Ana anaseka, ine thukuta lili kamukamu. Chimene chinandipweteka kwambiri si kusekedwako. Kumapeto nthawi ya mafunso inasowa, chifukwa kalasi ina inali itaima kale pakhomo kudikira chipinda, ndipo bamboyo anapita ndi zonse zimene anawo akanawafunsa.

Werengerani nokha. Munthu wowerenga Chingerezi mokweza pamaso pa anthu amatha mawu pafupifupi 130 pa mphindi imodzi. Tsamba la sivi likakhala ndi mawu 300, masamba 6 ndi mawu 1,800, zomwe ndi mphindi pafupifupi 14. Pa ola lanulo chotsanipo mphindi zisanu zoyambirira pamene ana akulowa n'kukoka mipando, pulojekita ikukana kuyaka. Chotsanipo zina zisanu za kumapeto. Mwatsala ndi mphindi 50. Mukawerenga sivi mwatenga zoposa kotala ya nthawi imeneyo, komanso mwatenga mbali yabwino kwambiri, chifukwa mphindi zoyambirira ndi pamene ana amakhala akuyang'ana nkhope yachilendoyo mwachidwi. Mlendo ndi mame, akulu anatero. Mayiwo muli nawo ola limodzi lokha, mwina osadzabweranso.

Palinso china chimene aphunzitsi ambiri sachiona. Sivi inalembedwera komiti yolemba anthu ntchito kapena bungwe lopereka ndalama za kafukufuku. Imayankha funso lakuti, kodi munthuyu ndi woyenera udindowu? Mwana wa chaka chachitatu alibe funso limenelo. Funso lake, ngakhale salinena, ndi lakuti, kodi izi zikundikhudza bwanji ine, pa kosi ino, semesita ino? Mukamuuza kuti mlendo anakhalapo wapampando wa makomiti asanu ndi awiri, iye amamva kuti munthuyu ndi wamkulu ndipo ali kutali. Mwana akaona kuti munthu ali kutali chotero safunsa funso. Amakhala chete mwaulemu, amawomba m'manja kumapeto, n'kutuluka osatolapo kanthu. Ndiye taonani, kutamanda kwambiri kuja kumene timati ndi ulemu kumamanga mpanda pakati pa mlendo ndi ana amene wabwerera.

Tsono chitani izi. Lero kapena mawa aimbireni foni mayiwo. Musalembe uthenga, imbani, mphindi khumi zikwana. Yambani ndi kuwauza pamene kalasi yafika: sabata yatha tinaphunzira chakuti, sabata yamawa tilowa chakuti, ana ndi angapo chonchi, ambiri sanapitebe ku atachimenti. Alendo ambiri amabwera osauzidwa zimenezi, n'chifukwa chake amafika ndi nkhani yomwe anakamba pa msonkhano wa akuluakulu ku hotela, ana n'kumangoyang'ana. Kenako afunseni kuti pa zonse zimene akonza, ndi mfundo iti imodzi imene akufuna ana atuluke nayo. Afunseninso kuti ndi ntchito iti pa moyo wawo imene inawaphunzitsa mfundo imeneyo. Funso lachiwirili ndi limene limatulutsa golide. Munthu amayamba kusimba, mawu amasintha, ndipo nthawi zambiri chimene akusimbacho pa sivi chimakhala kamzere kamodzi pa tsamba lachinayi, kapena sichipezekapo n'komwe. Pomaliza afunseni kuti akufuna muwatchule bwanji, ndipo auzeni mosabisa kuti mudzayankhula mphindi imodzi ndi theka kuti nthawi yonse ikhale yawo, siviyo mudzaitumiza kwa ana padera. Sindinamvepo wina akukana. Ambiri amapumira m'mwamba n'kunena kuti mwachita bwino.

Mukatha kuimba, ikani mapepala awiri patebulo: ndondomeko ya kosi yanu kumanzere, sivi kumanja, cholembera m'manja. Pa sivi chongani zokhazo zimene mungathe kuzilumikiza ndi mzere ku mutu wina wa pa ndondomekoyo. Chimene chilibe mzere chisiyeni, ngakhale chikhale chonyaditsa bwanji.

Ndikuonetseni ndi mlendo wina amene ndinamulandira ine pa phunziro longa lanulo. Anali mayi, nayenso Dokotala, sivi yake masamba 7. Kalasi yanga inali itangomaliza mutu wa mmene njira zatsopano zaulimi zimafalikira pakati pa alimi, maganizo aja a Everett Rogers a mu 1962 amene aliyense wophunzira ulangizi amakumana nawo. Ana anali ataloweza zinthu zisanu zimene zimachititsa mlimi kulandira kapena kukana njira yatsopano: phindu lake poyerekeza ndi njira yakale, kugwirizana kwake ndi mmene amakhalira, kuvuta kwake, ngati angathe kuiyesa pa kamunda kakang'ono, ndi ngati zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Ankazitchula ngati katekisimu. Koma ndikawafunsa chitsanzo cha kumudzi kwawo, zii.

Pa sivi ya mayiyo panali digiri ya udokotala yochokera kunja, mapepala osindikizidwa oposa 20, maudindo a ku likulu, maulendo a kumayiko ena. Zonsezi ndinazilumpha. Ndinachonga mizere iwiri. Woyamba unali pafupi ndi mapeto, pa ntchito zakale: anayamba ngati mlangizi wa kumudzi, woyenda pa njinga yakapalasa. Wachiwiri unali pa tsamba lachitatu: anatsogolera alangizi a dera lina pa nthawi ya mbozi zija zinavuta m'chimanga, ntchemberezandonda zachilendo zimene zinafika muno cha m'ma 2016 ndi 2017, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pangozi. Pafoni ndinawafunsa za nthawi imeneyo, ndipo anandisimbira chinthu chimene chinali kuwazunguza mutu. Alimi anayamba okha kuthira mchenga, dothi kapena phulusa m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe mbozi imabisala, ena n'kuthira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo, ndipo njira zimenezi zinadumpha mudzi ndi mudzi popanda mlangizi kuitanitsa msonkhano. Pomwe ulimi wa mtayakhasu, umene alangizi akhala akuulalikira zaka ndi zaka, ndi minda yachitsanzo ndi alimi otsogola, umayenda ngati nkhono, ndipo ena amene anauyamba amausiya pulojekiti ikatha.

Apo ndinadziwa kuti ndapeza khomo. Zimene ndinanena tsiku limenelo, m'Chingerezi monga timaphunzitsira, zinali pafupifupi izi:

"Sabata yatha munandipatsa zinthu zisanu zimene zimachititsa mlimi kulandira njira yatsopano, ndipo nditakufunsani chitsanzo munandiyang'ana ngati ndakubwerekani ndalama. Lero tili ndi munthu amene zitsanzozo wazionera m'munda. A Dokotala Auje anayamba ntchito ngati mlangizi wa kumudzi, ntchito imene ambiri a inu mukaiyamba mukachoka pano. Mbozi zitavuta mu 2017, iwo ndi amene ankatsogolera alangizi a dera lonse, ndipo anaona chinthu chachilendo: njira ya mchenga ndi msuzi wa usipa inafalikira yokha pa nyengo imodzi, pomwe mtayakhasu, umene tauphunzitsa kwa zaka, ukuvutikabe. Pamene akuyankhula, dzifunseni kuti pa zisanu zija, ndi chiti chikufotokoza kusiyana kumeneku, komanso ndi chiyani chimene zisanuzo zikulephera kufotokoza. Lolemba tidzayambira pamenepo. Panopa iwo ndi mkulu woona za ulangizi ku bungwe lakuti. Tiyeni tiwalandire A Dokotala Auje."

Ndinayesa ndi wotchi ya pafoni usiku wake, zinatenga mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Taonani mmene zaimira. Ndinayamba ndi ana, ndi chimene chinawavuta sabata yatha, dzina la mlendo lisanamveke. Pa mbiri yake yonse ndinatengapo ziwiri, ndipo chilichonse chinali ndi ntchito: cha njinga yakapalasa chinamusendeza pafupi ndi anawo, cha mbozi chinasonyeza kuti ali ndi mphamvu yoyankhula pa mutuwu. Kenako ndinawapatsa funso loti agwire m'manja ola lonse. Udindo wake wa panopa ndinautchula kamodzi, ndipo mawu omaliza anali dzina lake, chifukwa dzina ndilo limauza anthu kuti tsopano awombe m'manja ndipo inu mukhale pansi.

Funso lija ndi limene ndimalisamala koposa zonse. Mwana amene wapatsidwa funso amamvetsera mosiyana ndi amene wangouzidwa kuti amvetsere. Tsiku limenelo, pa nthawi ya mafunso, mtsikana wina amene sindinamumvepo akuyankhula semesita yonse anaimika dzanja. Anati kwawo mapesi amene mtayakhasu amafuna kuti aphimbire nthaka ndi omwewo amene ng'ombe ndi mbuzi zimadya m'chilimwe, ndipo anyamata osaka mbewa amawatentha mwini munda asakudziwa, ndiye kodi vuto lili mwa mlimi mmodzi kapena m'mudzi wonse? Mayiyo anasiya zithunzi zake za pa pulojekita, anayenda mpaka pafupi ndi mtsikanayo, ndipo anakambirana za malamulo a mafumu pa zoweta ndi moto kwa mphindi khumi. Zimenezo pa pepala langa la phunziro panalibe. Paja amati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamameta pokhapokha wina atapereka mutu.

Mwina mayi anuwo nkhani yawo si ya mbozi. Njira yake ndi yomweyo. Tiyerekeze kuti akudzakamba za kabzalidwe ka chimanga kaja timati ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Ana anu amatha kuwerengera kuti zimenezi zimapereka mbewu 53,333 pa hekitala, pomwe kabzalidwe kakale ka masentimita 90 uku ndi uku, mbewu zitatu pa phando, kamapereka pafupifupi 37,000. Pa pepala palibe mtsutso. Ndiye khomo lanu lingakhale lakuti, masamu mukuwadziwa, koma lero tili ndi munthu amene anaima m'munda ndi chingwe n'kumauza agogo amene abzala zitatuzitatu moyo wawo wonse kuti abzale imodzi, ndiye mumvetsere kuti agogowo ankayankha chiyani.

Tibwere ku ulemu, poti ndi umene ukukusowetsani tulo. Ulemu weniweni pa mphindi imodzi ndi thekayo uli pa tinthu ting'onoting'ono timene tikalakwika timaluma. Dzina litchuleni bwino. Ngati ndi la chilankhulo chimene si chanu, afunseni pafoni paja alitchule, inu mubwereze mpaka avomere. Udindo wa maphunziro musaukweze, musautsitse: Dokotala ndi Dokotala, musamupatse upulofesa pofuna kumusangalatsa, chifukwa mudzamuika pa mpanipani woti akukonzeni pamaso pa ana kapena akhale chete n'kuvomera bodza. Ndipo poti mlendo wanu ndi mayi, samalani ndi chizolowezi chimene ndachiona kambirimbiri, choti bambo amatchulidwa Dokotala wakuti, koma mayi wa digiri yomweyo n'kungoti Mayi akuti, kapena n'kuwonjezera kuti ndi mkazi wa akuti, ali ndi ana angapo. Atsikana a m'kalasi mwanu amazimva zimenezo, ngakhale sanena. Za banja, za mpingo, za kumudzi kwawo, musazitchule pokhapokha mwiniwake atapempha.

Onetsetsaninso kuti udindo umene mukutchula ndi wa lero. Sivi zambiri zimene timalandira ndi zakale, munthu anangotumiza imene inali pafupi pa kompyuta. Kumutchula munthu ndi udindo umene anauchoka, makamaka ngati anachoka mosakoma, kumaziziritsa chipinda nthawi yomweyo. Funso limodzi pafoni limathetsa zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchisiya ngakhale mukufupikitsa. Ngati mlendo amagwira ntchito ku kampani yogulitsa mbewu, feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo, kapena ku bungwe limene likulimbikitsa njira imene adzaikambayo, nenani poyera, mwaulemu, m'chiganizo chimodzi. Si kumunyoza. Ana a ulangizi akuyenera kuphunzira kufunsa kuti uthenga ukuchokera kwa yani, poti akapita kumudzi amalonda adzawapeza ndi timabuku tokongola. Kudula sivi n'kubisa zimenezi ndiye kudula kolakwika.

Sivi yonseyo musaitaye. Itumizeni kwa mtsogoleri wa kalasi aiike pa gulu lawo la watsapu Lachitatu madzulo, koma muyambe mwapempha chilolezo kwa mwiniwake, ndipo muchotsepo nambala za foni, keyala, tsiku lobadwa ndi mayina a anthu omuchitira umboni. Bwino koposa ndi kulemba ndime imodzi yachidule ya mbiri yawo n'kuphatikizapo pepala limodzi limene analemba lokhudza mutu wanu, ngati lilipo. Mwana wofuna kudziwa kuti munthu amakwera bwanji kuchoka pa njinga yakapalasa mpaka ku likulu adzaiwerenga yekha ndi chidwi, ndipo mwina ndi amene adzawatsatire mayiwo panja kalasi ikatha.

Njira imene ndikukupatsaniyi ili ndi maenje ake, ndipo ine ndagweramo pafupifupi onse. Lalikulu ndi kuba phunziro la mlendo. Mukacheza naye pafoni n'kumva nkhani yokoma, mtima umafuna kuisimba nokha. Mukatero iye akaimirira amapeza kuti nyama yadyedwa kale, watsala ndi msuzi. Taonani kuti m'chitsanzo chija ndinafunsa funso koma sindinayankhe, ndipo ndinali nditawauza mayiwo pasadakhale kuti ndidzatchula za usipa, iwo n'kuvomera. Dzenje lina ndi kulonjeza zimene mlendo sanakonze. Mukauza ana kuti amva za mbozi, mlendo n'kuyamba kukamba za ndondomeko ya boma ya zaulimi, ana amamuona ngati wasochera pomwe wosochera ndi inu. Ndiye mukalemba mawu anuwo, atumizireni mayiwo awaone usiku wake. Ndi mizere khumi yokha, awerenga pa mphindi imodzi.

Nanga zoti "izi zibwera pa mayeso"? Aphunzitsi ambiri amathamangira mawu amenewa pofuna kuti ana akhale tcheru, ndipo amagwiradi ntchito, koma mwa njira yoipa. Ana amaweramitsa mitu n'kuyamba kukopera chilichonse chili pa khoma, osayang'ananso munthu amene akuyankhula, ndipo mafunso awo amangokhala akuti, bwererani pa tsamba lapita lija. Ngati zidzabweradi pa mayeso, nenani zoona zake kumapeto kwa kalasi kapena Lolemba. Ngati sizidzabwera, musaname. Ine ndimakonda kunena kuti phunziro lotsatira lidzayambira pa zimene amva, ndipo ndimachitadi zimenezo, kuti mlendo wotsatira akadzabwera adziwe kuti sindiseka.

Za nthabwala, sekani za inu mwini kapena za kalasi, osati za mlendo, ngakhale mutamudziwa kuyambira kale. Ndipo ngati anakuphunzitsanipo, chiganizo chimodzi chikwana. Nkhani ya mmene anakuthandizirani mukawauze pa tiyi.

Pa tsikulo, fikani m'chipinda mlendo asanafike, yesani pulojekita, ikani botolo la madzi, ndipo mugwirizane chochita magetsi akazima. Imani pambali, osati pamalo pamene iye adzaime. Mawu anu muwaloweze kapena muwalembe pa kapepala kokwana m'dzanja, ndipo muziyang'ana ana, poti ndi iwo amene mukuwauza. Mukatchula dzina tembenukirani kwa mayiwo, yambitsani kuwomba m'manja, khalani pansi pa mpando wa kutsogolo pomwe angakuoneni mukawakodola kuti kwatsala mphindi khumi. Foni ikhale m'chikwama. Ana akaona mphunzitsi wawo akulemba notsi, nawonso amalemba. Khalaninso ndi funso lanu limodzi m'thumba, loti mufunse ngati chipinda chakhala zii, koma muwerenge chamumtima mpaka khumi musanalitulutse, chifukwa ana athu amachedwa kuimika dzanja pamaso pa munthu wamkulu.

Pali nthawi zina pamene nkhaniyi imaposa msinkhu wa mphunzitsi wa kalasi, ndipo pamenepo musadzipangire nokha. Mukamva kuti mkulu wa yunivesite kapena wa fakote adzakhalapo, kapena kuti mlendo ndi nduna, mlembi wamkulu wa unduna, kazembe kapena mfumu yaikulu, kapena kuti atolankhani aitanidwa, ndiye kuti kalasi yasanduka mwambo, ndipo mwambo uli ndi eni ake. Pitani ku ofesi imene imayendetsa miyambo ndi kulandira alendo pa sukulu yanu, mufunse kuti ndani ayankhule poyamba ndi kuti maudindo atchulidwe motsatana bwanji. Kawirikawiri pa zoterezi wamkulu ndi amene amalandira mlendo ndi kutchula mbiri yake, ndipo inu mungapemphe mphindi imodzi pambuyo pake kuti mulumikize nkhaniyo ndi kosi. Chimodzimodzi ngati mutu uli wokhudza ndale, monga za feteleza wotsika mtengo pa nyengo ya chisankho, mawu anu awaone mkulu wa dipatimenti musanawanene.

Ndipo poti ndi mkulu wa dipatimenti amene wakutumani, mwina m'mutu mwawo muli sivi yowerengedwa yonse monga anazolowera. Musakawadzidzimutse Lachinayi. Lembani mizere yanu khumiyo, mukawapeze mawa m'mawa, muwaonetse pamodzi ndi ndime yachidule imene mutumize kwa ana, n'kuwauza kuti mwayankhula kale ndi mayiwo ndipo avomera. Akaumirira kuti chinachake chiwonjezedwe, monga yunivesite imene anatengera udokotala kapena mgwirizano umene bungwe lawo lili nawo ndi dipatimenti yanu, musakangane nawo. Chilandireni, muchiike m'chiganizo chimodzi pafupi ndi mapeto, pambuyo pa funso la ana, dzina lisanatchulidwe. Yesaninso ndi wotchi. Zikapitirira mphindi ziwiri, fufutani chiganizo chimene chikukamba za inu.